Nsidze ndi malo a patsogolo pa wolankhula ndi mbali ya galamala ya chinenero chamanja

"Anzanga, mwana wa mlongo wanga samva ndipo wayamba kuphunzira kulankhula ndi manja. Kodi chimenechi ndi chinenero chenicheni chokhala ndi malamulo, kapena n'kungolozaloza? Nanga kukwinya nkhope kuja n'kwa chiyani?"

Achimwene, chimene mphwanu akuphunziracho ndi chinenero chokwanira, ndipo njira yapafupi yoonera zimenezi ndiyo kuyamba ndi Chichewa chathu chomwechi. Tikanena kuti "ndinamupatsa" ndi "anandipatsa", mneni ndi mmodzimodzi, koma timaphatikizo ting'onoting'ono timeneti, ndi-, a- ndi -mu-, ndi timene tikutiuza wopereka ndi wolandira. Zinenero zamanja zambiri zimagwira ntchito yomweyi pogwiritsa ntchito malo amene ali patsogolo pa wolankhulayo.

Ndipereka chitsanzo cha chinenero chamanja cha ku America, chimene chinafufuzidwa kwambiri kuposa zinzake. Tiyerekeze kuti munthu akufuna kunena kuti mphunzitsi anapatsa mwana buku. Amapanga chizindikiro cha mphunzitsi n'kuloza kudzanja lamanja, kenako chizindikiro cha mwana n'kuloza kumanzere. Kuyambira pamenepo malo awiriwo ali ndi eni ake, ngakhale kuti palibe munthu amene waimapo. Akafika pa mneni "kupatsa", dzanja limachokera kumanja kupita kumanzere, ndipo aliyense wodziwa chinenerocho amamvetsa kuti mphunzitsi ndiye mwininkhani. Dzanja lomwelo likachokera kumanzere kupita kumanja, ndiye kuti mwana wapatsa mphunzitsi, ndipo likachokera kumanja n'kubwera pachifuwa cha wolankhulayo, tanthauzo n'lakuti "anandipatsa ine". Nkhani ikamapitirira sipafunikanso kutchula mphunzitsi uja, pakuti kungoloza kumanja kuli ngati kunena kuti "iye". Si aneni onse amene amayenda chonchi: aneni monga "kudziwa" ndi "kukonda" amapangidwira pathupi, choncho kwa amenewa dongosolo la zizindikiro ndi kuloza ndi zimene zimasonyeza wochita.

Apa m'pamene ophunzira akumva amalakwitsa kawirikawiri. Amaika mphunzitsi kumanja, koma pakapita ziganizo zitatu amaiwala n'kumulozera kumanzere, ndipo mudzaona munthu wosamva uja akukuimitsani n'kufunsa kuti mukunena ndani, monga momwe ifenso tingadodomere wina atanena "anandipatsa" pofuna kunena "ndinamupatsa".

Za nkhope zija ndi zimene ndikufuna muzimvetse bwino, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti mwanayo wakwiya kapena akuchita mwano. M'Chichewa, "wabwera" ndi "wabwera?" amasiyana pa kakwezedwe ka mawu basi. M'chinenero chamanja cha ku America ntchito imeneyi ndi ya nsidze. Funso lofuna yankho lakuti inde kapena ayi limafunsidwa nsidze zitakwezedwa, mutu utapendekera patsogolo, pamene funso la "ndani", "kuti" kapena "chifukwa chiyani" limafunsidwa nsidze zitatsitsidwa, pamphumi patachita makwinya. Kupukusa mutu pamene manja akupanga mneni kumasandutsa chiganizo kukhala chokana, monga si- wa mu "sindinamupatse". Choncho amene amapanga zizindikiro zolondola koma nkhope ili phee amakhala ngati akungonena zinthu pamene iye akuganiza kuti akufunsa, n'chifukwa chake sayankhidwa. Zimandipweteka mtima ndikaona womasulira pa wailesi yakanema ataikidwa m'kabokosi kakang'ono koti nkhope yake sioneka, pakuti owonera osamva amakhala atalandidwa gawo la chiganizo.

Ngakhale chizindikiro chimodzi pachokha chili ndi zigawo. M'chaka cha 1960 William Stokoe, mphunzitsi wa pa koleji ya anthu osamva ya Gallaudet mumzinda wa Washington, anasonyeza kuti chizindikiro chilichonse chimapangidwa ndi kaumbidwe ka dzanja, malo amene dzanjalo lili ndiponso kayendedwe kake. Ofufuza ena anadzawonjezera kumene chikhatho chayang'ana. Dzanja lotambasula zala zonse, chala chachikulu chikagunda pamphumi ndi "bambo", chikagunda pachibwano ndi "mayi". Kusiyana kwakeko n'kochepa ngati kwa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, mawu amene timawalekanitsa ndi kamvekedwe kokha.

Musatenge zizindikiro zimenezi n'kukamuphunzitsa mphwanuyo ayi, chifukwa zinenero zamanja n'zosiyanasiyana. Anthu osamva a ku America ndi a ku Britain samvana mosavuta ngakhale kuti mayiko onsewo amalankhula Chingerezi. Cha ku America chili paubale ndi cha ku France, chifukwa Laurent Clerc, mphunzitsi wosamva wa ku France, anathandiza kutsegula sukulu ya anthu osamva mumzinda wa Hartford ku America mu 1817. Malawi ali ndi chake, chimene amachidziwa bwino ndi anthu osamva eniake a m'bungwe la MANAD ndi amene anaphunzira m'sukulu za anthu osamva monga ya ku Mua ndi ya ku Embangweni. Mukamaphunzira kwa iwo, muziyang'ana kumaso kwa wolankhulayo ndi kukumbukira malo amene waika munthu aliyense, manjawo mudzawaonabe m'mbali mwa diso.