Mulungu wa imfa amene amayang'ana sikelo kawiri

"Mwana wanga wa Fomu 3 wayamba kuwerenga nkhani za milungu ya Aigupto ndi Agiriki pa foni. Akuti mulungu wa imfa si woipa, ndi woweruza chabe. Ine ndikuti ndi Satana yemweyo, wangosintha dzina. Akunena zoona ndani?" Atero mayi ena a ku Namwera.

Mayi, mundikhululukire, pa mlandu uwu ndili mbali ya mwana. Koma ndikumvetsa komwe maganizo anu achokera. Kwathu kuno imfa kawirikawiri imakhala ndi mwini wake. Munthu asanaikidwe n'komwe, kuseri kwa siwa manong'onong'o amakhala atayamba kale: wamudya ndani, anakangana ndi ndani pa nkhani ya malire a munda. Ndiye tikamva kuti anthu ena anali ndi mulungu wa imfa, timangoti ameneyo ndiye mfiti yaikulu. Pomwe milungu yambiri yotereyi siipha munthu. Imangomulandira atafa kale, ndipo ntchito yake ndi kuona kuti mlandu wake wayenda bwino.

Pali chithunzi china chimene ndikachiona ndimakumbuka malemu bambo anga. Chaka china tinanyamula nandolo pa njinga kukagulitsa kwa venda wina amene anakoleka sikelo yake pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu. Thumba limene kunyumba tinaliyeza ndi ndowa, tikudziwa bwinobwino kulemera kwake, linafika pamenepo litapepuka. Bambo anati tiyezenso. Venda uja anaseka, n'kugogoda sikelo ndi chala, muvi n'kubwerera pomwe unali. Kumbuyo kwathu kunali mzere wa anthu, dzuwa la ku Mangochi mukulidziwa, ndipo kunyumba kunkadikira ndalama ya fizi. Tinagulitsa. Njira yonse yobwerera bambo sanayankhule, kupatula pamene tinaima kumwa madzi pa mjigo pomwe anati, "Sikelo ija ili ndi mwini wake."

Chithunzicho chili pa mpukutu wa gumbwa wa mlembi wina wa ku Tebesi, mzinda wa ku Igupto wakale, dzina lake Ani, wolembedwa cha m'ma 1250 Yesu asanabadwe, umene unatengedwa kupita ku London mu 1888. Pakati pali sikelo ya mbale ziwiri. Mbale ina pali mtima wa Ani, inayo pali nthenga imodzi ya Maati, mulungu wamkazi wa choonadi ndi dongosolo. Aigupto ankati nzeru ndi zochita zonse za munthu zimasungidwa mumtima, n'chifukwa chake pokonza mtembo ankachotsa ubongo koma mtima ankausiya. Tsono yang'anani Anubisi, mulungu uja wa mutu wa nkhandwe amene ana amamuopa. Sanagwire mkondo kapena mpeni. Wagwada pansi, dzanja lili pa kamwala kolendewera pakati pa sikelo, kuonetsetsa kuti sikeloyo yaima chilili isanayeze munthu. Pambali paima Toti, mulungu wa zolembalemba, ndi cholembera, kulemba zotsatira. Kenaka mulungu wina, Horasi, amugwira Ani dzanja kupita naye kwa Osirisi, mfumu ya akufa.

Choopsa chilipo, sindibisa. Kumbuyo kwa Toti kwakhala chilombo chotchedwa Amiti: mutu wa ng'ona, chifuwa cha mkango, kumbuyo kwa mvuu. Aliyense amene anakulira m'mbali mwa Shire safuna kuuzidwa chifukwa chake anasankha nyama zimenezi. Koma Amiti sasaka munthu. Amadikira. Mtima ukalemera kuposa nthenga ndi pamene amaudya, ndipo munthuyo amatheratu. Ukafanana ndi nthenga, chilombocho chimagona ndi njala.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi mawu amene wakufayo ankayenera kunena pamaso pa oweruza 42. Ali m'gawo 125 la zolembedwa zimene masiku ano zimatchedwa Buku la Akufa. Munthu ankakana milandu umodziumodzi, ndipo pakati pa kupha ndi kuba pali iyi: sindinachepetse muyeso wa tirigu, sindinasunthe kamwala ka sikelo, sindinalande mkaka pakamwa pa ana, sindinatseke madzi pa nyengo yake. Imeneyi ndi milandu ya pamsika ndi ya kudimba. Anthu amene anailemba anaberedwapo ngati bambo anga, ndipo ankadziwa kuti bwalo la amoyo limatha kugulidwa. Apa ndiye ndikuuma mutu: anthu sanaumbe woweruza wa akufa wouma mtima chifukwa chokonda nkhanza. Anamufuna wotero chifukwa woweruza wofewa amafewera amene ali ndi mbuzi yopereka. Imfa ndi chinthu chokhacho chimene anachiona chikutenga mfumu ndi kapolo mofanana, ndiye mwini wake anayenera kukhala wosayang'ana nkhope.

Aigupto omwewo anali ndi nthano ya mkulu wina, Setine, amene anaona maliro awiri ku Memfisi. Wolemera ankaperekezedwa ndi chinamtindi cha anthu olira, wosauka atangokulungidwa mu mphasa popanda womutsatira. Setine anasirira wolemerayo. Mwana wake anamutenga kukamuonetsa dziko la akufa, ndipo anapeza wosauka uja atavekedwa nsalu za wolemera, ataima pafupi ndi Osirisi, pomwe wolemerayo chitseko chikuzungulira pa diso lake. Akhristu mumva kafungo ka Lazaro pamenepa.

Komatu tisawakweze kwambiri. Mipukutu imeneyi inali yodula, ogula anali olemera, ndipo pa chithunzi chake mwini mpukutu amapambana nthawi zonse. Ankaikanso pachifuwa cha mtembo kamwala kosemedwa ngati chikumbu, kolembedwa mawu ochonderera mtima kuti usachitire umboni mwini wake. Ngakhale kumeneko anthu ankafunafuna njira ya kuseri. Kungoti ankanyengerera mboni, chifukwa Anubisi ankadziwa kuti sangamuthe.

Nanga Hade ndi anzake?

Hade wa Agiriki sanaponyedwe ku dziko la akufa ngati chilango. Iye ndi abale ake Zeu ndi Poseidoni anachita maere, dziko la akufa n'kugwera iye. Woimba wina, Orifeyo, atapita kukapempha mkazi wake amene anamwalira, Hade analola, n'kuika lamulo limodzi loti asacheuke mpaka atatuluka. Anacheuka, mkazi n'kubwerera. Palibe chinyengo pamenepo, ndi lamulo losapindika basi. Chilema chake chachikulu ndi kuba Perisefone kuti akhale mkazi wake, ndipo pamenepo sindimuikira kumbuyo. Kwa Ahindu kuli Yama, wokwera njati, wonyamula chingwe, amene ali ndi mlembi wake Chitiragupita wosunga zochita za munthu aliyense. Mayi wina, Savitiri, atamutsatira Yama kufuna mwamuna wake amene anamwalira, anamukola ndi lonjezo lake lomwe, ndipo Yama anabweza mwamunayo chifukwa sakanatha kubweza mawu.

Tsono mukakhala pansi ndi mwana, mufunseni zinthu zitatu pa mulungu aliyense amene akumuwerenga: kodi amapha yekha, kodi amanamiza anthu kuti achimwe, ndipo kodi lamulo limamumanga iyenso? Satana wa m'Baibulo ndi Shetani wa anansi athu Asilamu ntchito yawo ndi kunyenga. Ku Igupto ntchito yosokoneza inali ya njoka Apofisi, ndipo Osirisi iye mwini anachita kuphedwa ndi m'bale wake Seti. Koma mwanayo asakokomeze kuti onse ndi achilungamo. Mafumu a ku Shibaliba, dziko la akufa la Amaya a ku Central America, ankaitana alendo n'kuwakhazika pa mwala wotentha kuti aziwaseka, ndipo ena mwa iwo ntchito yawo inali kudwalitsa anthu. Amenewo mafunso atatu aja amawagwetsa.