Uthenga wa Chijeremani, nambala ya 0xc000007b, ndi makina a masitika amene angokhala

"Ndili ndi kashopu kodula masitika ndi zikwangwani ku Limbe. Laputopu ndinagula yakale, zonse zimalembedwa m'Chijeremani, ndipo pulogalamu yoyendetsa makina inabwera ndi makinawo kuchokera ku China. Poyamba inkadandaula za fayilo yotchedwa MSVCR120.dll, mphwanga anaipeza pa intaneti n'kuiikamo. Tsopano ikutulutsa kabokosi ka mawu omwe sindikuwamva, ndi nambala ngati Oxc00007b. Ndafufuza, ndikungopeza masamba ondiuza kuti nditsitse pulogalamu yokonzera. Ndiyambire pati?"

Mayi, pepani ndi ntchito yomwe yaima. Tiyambire pa nambala mwanditumizirayo, chifukwa si imene ili pa sikirini yanu. Mwaikopera ndi maso, ndipo maso akunamizani pawiri: koyambirira mwaika chilembo O pamalo pa ziro, ndipo pakati pasowa ziro mmodzi. Yeniyeni ndi 0xc000007b. Nambala zamtunduwu zimayamba ndi 0x, ndipo zotsatira zake zimakhala manambala 0 mpaka 9 ndi zilembo a mpaka f basi. Mukaona chooneka ngati O, ndi ziro. Chooneka ngati l kapena I ndi 1. Pa Windows, zizindikiro zotsatira 0x zimakhala zisanu ndi zitatu nthawi zambiri, choncho kungowerenga ndi chala kukanakuuzani kuti china chagwa panjira.

Musaone ngati ndikukokomeza. Mukanangoika ziro pamalo pa c n'kulemba 0x0000007b, mukanapeza nkhani ina kotheratu, ya kompyuta yokanika kudzuka chifukwa Windows sakutha kuwerenga disiki yomwe akhalapo. Mukanatha tsiku lonse mukukonza matenda omwe mulibe, mwinanso n'kuononga zomwe zili bwinobwino.

Ndiye musamalembe pamanja. Kabokosiko kakatuluka, dinani pamutu pake kamodzi, kenako kanikizani Ctrl ndi C pamodzi. Pa kiyibodi ya Chijeremani batani la Ctrl limalembedwa Strg, lili pakona yakumanzere pansi. Sipaoneka chilichonse chochitika, mwina kungolira kabelu, koma mawu onse akopedwa. Tsegulani Notepad, yemwe pa laputopu yanuyo akutchedwa Editor, n'kukanikiza Strg ndi V. Muona mizere yaminzereminzere, dzina la pulogalamu, ndipo pakati pake mawu awa:

```
Die Anwendung konnte nicht korrekt gestartet
werden (0xc000007b). Klicken Sie auf "OK",
um die Anwendung zu schließen.
```

Njirayi imagwira pa timabokosi ta Windows mwini. Mapulogalamu ena amajambula timabokosi tawotawo tosakopeka, ndipo pamenepo jambulani sikirini ndi foni n'kutsegula chithunzicho mu Google Lens kuti akutolereni mawuwo. Koma nambala yokha muionenso ndi maso, poti naye Lens amasokoneza 0 ndi O, kapena 8 ndi B, makamaka chithunzi chikachita mbuu.

Mawuwo akungoti pulogalamu yalephera kuyamba bwino, dinani OK kuti itsekeke. Mwaona kuti palibe chomwe mwaphunzirapo. Nzeru yonse ili m'nambala. Komanso taonani kuti uthengawu uli m'Chijeremani pomwe pulogalamu ndi ya ku China. Zimenezi zikutiuza kuti wolankhula ndi Windows, osati pulogalamu yanu. Pulogalamuyo sinafike n'pomwe potsegula pakamwa. Ine ndimaona ichi ngati funso loyamba pa uthenga uliwonse wachilendo: akudandaulayo ndani? Yankho lake ndi lomwe limakuuzani koti mukafunse. Kuno tikafunsa kwa Microsoft, osati kwa opanga makina.

Musanaononge bandulo, funsani kaye kompyuta yomweyo. Kanikizani batani la Windows ndi R, lembani cmd n'kukanikiza Enter, ndipo pa windo lakuda lomwe lituluke lembani izi n'kukanikizanso Enter:

```
certutil -error 0xc000007b
```

Pa zomwe zituluke mupezapo dzina lakuti STATUS_INVALID_IMAGE_FORMAT. Dzina limeneli silimasuliridwa, ndi lomwelo ku Germany, ku China ndi ku Limbe, chimodzimodzinso nambalayo. Tanthauzo lake n'lakuti Windows wapatsidwa fayilo yoti aiyendetse, koma kapangidwe kake si koyenera pamalopo. Mupezanso nambala ina, -1073741701, yomwe ndi vuto lomwelo lolembedwa m'manambala wamba. Mapulogalamu ena amatulutsa imeneyo, ndiye mukadzakumana nayo mudziwe kuti ndi munthu mmodzi wangosintha malaya.

Tsopano kufufuza. Musaponye chiganizo chonse cha Chijeremani mu Google, chifukwa mupeza mayankho a Chijeremani okhaokha, n'kuyambanso kumasulira. Tengani zinthu zomwe sizisintha ndi chiyankhulo: nambala, dzina la fayilo, ndi dzina la pulogalamu. Ngati mu uthenga muli njira ya foda yokhala ndi dzina lanu, ichotseni, palibenso wina padziko amene ali ndi njira yofanana nayo. Ikani nambala m'mitengero kuti isasinthidwe:

```
"0xc000007b" MSVCR120.dll
"0xc000007b" site:learn.microsoft.com
```

Mzere wachiwiriwo ukuuza Google kuti ayang'ane patsamba la Microsoft lokha. Mukanangofufuza nambala payokha, oyamba kukulandirani ndi amalonda mwakumana nawo aja.

Amalonda amenewa ndiwafotokoze pang'ono, poti anandipusitsapo ineyo. Zaka zapitazo ndinatsitsa kapulogalamu kotere pa kompyuta ya mlongo wanga. Kanazungulirazungulira, kenako kanandiuza ndi zilembo zofiira kuti kapeza mavuto mazanamazana, ndipo kuti kawakonze ndilipire kaye. Vuto lomwe ndinkafuna silinali n'komwe pamndandandawo. Chizindikiro chawo n'chosavuta: tsambalo limabwereza nambala yanu m'ndime iliyonse koma silinena chomwe imatanthauza, limatchula zifukwa zonse zomwe zilipo padziko, mavairasi, fumbi, madiraiva, ndipo batani lalikulu lotsitsira lili pamwamba penipeni. Yesani kusintha nambalayo n'kufufuza ina patsamba lomwelo. Mukapeza nkhani yomweyo liwu ndi liwu, tsekani, mwalowa m'sitolo.

Yankho lenileni limaoneka mosiyana, ndipo nthawi zambiri silikongola. Limanena chomwe chayambitsa, limatchula mtundu wa Windows ndi wa pulogalamu, ndipo pansi pake wofunsayo, kapena anthu ena, amabwerera kudzanena kuti zatheka. Onaninso chaka. Malangizo a nthawi ya Windows 7 ena akugwirabe, ena ayi. Ndipo ngati yankho likukutumani kukatenga fayilo kwina kulikonse kosakhala kwa mwini wake, lisiyeni.

Mukawerenga mayankho abwino atatu kapena anayi, muona akugwirizana pa chinthu chimodzi: 0xc000007b imabwera kawirikawiri pulogalamu ya mabiti 32 ikapatsidwa fayilo ya dll, yonga MSVCR120.dll ija, ya mabiti 64, kapena mosemphanitsa, poti mapulogalamu ndi mafayilo amenewa amapangidwa m'masaizi awiriwa. Apa ndi pomwe kalata yanu yandithandiza kuposa nambala, chifukwa mwanena zomwe zinachitika vutoli lisanayambe. Poyamba fayilo inkasowa. Mphwanu anaibweretsa, uthenga unasintha. Ndiye kuti Windows tsopano akuipeza, koma akaitsegula akupeza kuti si saizi yake, ngati nati ya njinga pa bawuti ya galimoto. Mnyamatayo musamukalipire, anthu ambiri amagwa pomwepo, ndipo Windows naye amasocheretsa: foda ya System32 imasunga mafayilo a mabiti 64, pomwe a mabiti 32 amakhala mu SysWOW64. Munthu woganiza bwinobwino amaika mosemphanitsa.

Chitani motere. Yambani mwaona komwe pulogalamu ya makina inakhazikika. Ngati ili mu Program Files (x86), yomwe kwa inu ikuoneka ngati Programme (x86), mosakayika kwenikweni ndi ya mabiti 32, ngakhale Windows wanu atakhala wa 64. Kenako mufunseni mphwanu komwe anaika fayilo ija. Ili ndi gawo lomwe ambiri amalumpha. Windows amayamba kuyang'ana mu foda ya pulogalamu asanapite m'mafoda ake, choncho fayilo yolakwikayo ikakhala pamenepo, ngakhale muike zolondola kwina, iye aziyamba wakumana ndi yomweyo. Mukaipeza musaifufute, ingoisinthani dzina ikhale MSVCR120.old, kuti mukalakwitsa muthe kubwerera. Gwirani yokhayo yomwe iye anaika, zina zonse m'mafoda a Windows zisiyeni.

Tsegulaninso pulogalamuyo. Ikabwerera ku dandaulo loyamba lija, loti MSVCR120.dll sikupezeka, sangalalani, mwagwira wakuba. Nambala 120 m'dzinalo ikuloza ku Visual C++ Redistributable ya 2013, phukusi la Microsoft la mafayilo omwe mapulogalamu ena amadalira. Ikanakhala 100 ikanakhala ya 2010, 110 ya 2012, ndipo VCRUNTIME140.dll ndi ya 2015 kupita mtsogolo. Yatsopano silowa m'malo mwa ya 2013, ndiye musatengeke ndi yomwe ili pamwamba pa tsamba. Pitani patsamba la Microsoft, tengani vcredist_x86.exe ya 2013, ndi yaulere ndipo ndi yaing'ono, siimaliza bandulo. Kuikanso ya x64, ya mabiti 64, sikulakwa, ziwirizi zimakhalira limodzi bwinobwino, koma yomwe pulogalamu ya mabiti 32 ikufuna ndi ya x86. Ikamaliza, zimitsani laputopu n'kuyatsanso.

Muzisintha chinthu chimodzi, n'kuyesa, kenako china. Mukachita zisanu nthawi imodzi, zikatheka simudziwa chomwe chathandiza, ndipo zikaipiraipira simudziwa chobweza. Mu Editor muja lembani tsiku, uthenga monga unalili, ndi chomwe mwachita.

Zitha kuchitika kuti mwachita zonsezi koma 0xc000007b ikadalipo. Pamenepo ndiye kuti pali fayilo ina yosemphana, mwina MSVCP120.dll yomwe imayenda limodzi ndi inzake ija, kapena mafayilo a pulogalamuyo anaonongeka pokopera kuchokera pa fulashi. Ichotseni pulogalamuyo n'kuiikanso kuchokera pa chimbale kapena fayilo yomwe inabwera ndi makina. Ikakanabe, lemberani amene anakugulitsani makinawo, ndipo musawamasulire uthengawo m'mawu anuanu. Atumizireni monga mwaukopera, m'Chijeremani momwemo, pamodzi ndi mtundu wa Windows womwe muupeze polemba winver pa bokosi la Windows ndi R lija. Katswiri wa ku China sasowa kumva Chijeremani, nambalayo aizindikira.

Uthenga ukasintha n'kukhala wina, nditumizireni watsopanowo, koma ulendo uno ndi Strg ndi C.