Nkhope Zisanu mu Mitundu Inayi: Chithunzi cha Chinkhoswe Kulowa mu Gemu

"Ndikupanga gemu yaing'ono ya Game Boy pa GB Studio, ndipo ndikufuna chithunzi cha banja lathu, chomwe tinajambula pa chinkhoswe ku Chilomoni, chizioneka koyambirira. Tilipo asanu. Ndikachichepetsa, nkhope zonse zikungosanduka mabanga akuda ndipo agogo sakuzindikirikanso. Kodi ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, tiyambe ndi masamu, chifukwa ndi amene akudya nkhope za abale anu. Sikirini ya Game Boy, yomwe inatuluka m'chaka cha 1989, ili ndi mapikiselo 160 m'lifupi ndi 144 m'litali, ndipo mitundu yake ndi inayi yokha, kuchokera kowala mpaka kwakuda. Tiyerekeze kuti foni yanu inajambula chithunzi cha 4000 kwa 3000. Mukachidula kukhala 3200 kwa 2880, chimalowa ndendende pa sikiriniyo chikachepetsedwa ka 20. Nkhope ya agogo ikakhala mapikiselo 300 m'lifupi, itsala 15, ndipo diso la mapikiselo 40 litsala awiri basi. Nchifukwa chake muyenera kudula mopanda chisoni: miyendo, hema ndi mipando zichoke, patsale mitu ndi mapewa. Ndikanakhala ine, ndikanapatsa aliyense chithunzi chakechake cha 64 kwa 64, n'kumawaonetsa mmodzimmodzi.

Koma vuto lalikulu lili pa kuwala, ndipo apa ndi pomwe ambiri a ife timagwa. Chithunzi chojambulidwa panja masana chimakhala ndi malaya oyera ndi thambo lowala kwambiri, pomwe khungu lathu lili kumbali yakuda. Pulogalamu ikamagawa kuwalako m'magawo anayi, mitundu iwiri imathera ku malaya ndi thambo, ndipo chipumi, masaya, maso ndi tsitsi zonse zimaunjikana mu mtundu umodzi. Banga lomwe mukuliona ndi limeneli. Mankhwala ake ndi kukonza kuwala musanachepetse chilichonse. Mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, fufutani zakumbuyo zonse n'kuthirapo mtundu umodzi wowala, chotsani makaka ndi `Colors > Desaturate`, kenaka tsegulani `Colors > Levels` n'kukokera kachizindikiro kapakati kumanzere mpaka chipumi chisiyane ndi mthunzi wa pansi pa chibwano. Malaya akayera mpaka mabatani kusowa, musadandaule, chifukwa palibe amene amazindikira agogo ake ndi mabatani. Cholinga n'chakuti nkhope itenge mitundu itatu mwa inayiyo.

Tsopano chepetsani ndi `Image > Scale Image`, ndipo pa `Interpolation` musankhe `Cubic`. Ambiri amasankha `None` poti anamva kuti ndiyo ya zojambula za mapikiselo, koma imeneyo imangotola pikiselo imodzi pa 400 aliwonse n'kutaya ena onse, moti ikhoza kuphonya diso lonse. Ntchito ya `None` ndi pokulitsa chithunzi chomwe mwamaliza kale kuti m'mphepete musachite mbuu. Mukachepetsa, gwiritsani `Colors > Posterize` pa 4, kenaka sinthani mitundu inayiyo kukhala yomwe GB Studio amaifuna:

```
#071821  #306850  #86c06c  #e0f8cf
```

Za timadontho tosakaniza mitundu, monga `Floyd-Steinberg`, ndikulangizani muzipewe pa nkhope yaing'ono chonchi. Timaoneka ngati zipsera za nthomba, komanso tili ndi mtengo wina wobisika. Game Boy sasunga chithunzi chathunthu, koma amachimanga ndi timabwalo ta 8 kwa 8, ndipo sikirini yonse ndi timabwalo 360. Pa malo wamba a mu gemu, GB Studio amalola timabwalo tosiyana 192 tokha, pomwe tofanana amatiwerenga kamodzi. Kumbuyo kwa mtundu umodzi kumadya kabwalo kamodzi, koma timadontho timapangitsa pafupifupi kabwalo kalikonse kukhala kakekake. Mukaona mbali ina ya chithunzi yasokonekera mu gemu pomwe pa kompyuta ili bwinobwino, dziwani kuti mwapyola malirewo. Chithunzi cha koyambirira mukhoza kuchiika pa malo otchedwa `Logo`, omwe amalola tonse 360.

Chotsala ndi ntchito ya manja, ndipo imeneyi sindinaionepo njira yachidule. Kulitsani maonekedwe ka 8, tengani `Pencil` ya pikiselo imodzi, muike maso ndi mtundu wakuda kwambiri, ndipo mufufute timapikiselo toima tokha pamasaya. Chitenje cha chinkhoswe, kukongola konse kuja, chimasanduka phala, choncho chipakeni mtundu umodzi n'kujambulapo timizere tiwiri kapena titatu. Pa chithunzi cha mayi anga ndinataya madzulo onse ndikukonza mphuno, koma chomwe chinawazindikiritsa chinali mfundo ya duku yomwe amamangira kumanzere ndi kampata ka m'mano, komwe kanali pikiselo imodzi. Funani chizindikiro chotere pa agogo ndipo muchikuze pang'ono.

Musunge ngati PNG, osati JPEG, chifukwa JPEG imabweretsa mitundu ina yomwe simunaiitane. Ngati chithunzi choyambacho munachilandira pa WhatsApp, pemphani wojambulayo achitumizenso ngati `Document`, kuti muyambire pa chithunzi chosafinyidwa.