Tchuthi chopita ndi mayi ku opaleshoni

"Mayi anga awapatsa tsiku la opaleshoni ku Queens mwezi wamawa. Ndimagwira ntchito ku Mangochi ndipo gadiyani ndine. Tchuthi ndipemphe bwanji?"

Pepani ndi matenda, achemwali. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 silinaike tchuthi chapadera chodwazika kholo. Sikiliivu ndi ya inuyo mukadwala, ndiye musayerekeze kutenga kalata ya dokotala m'dzina lanu, zikadziwika ntchito imatha. Tsegulani kaye mgwirizano wanu wa ntchito. Malo ena amapereka masiku ochepa pa matenda kapena maliro a wachibale. Ngati mulibe zimenezo, dalirani tchuthi chanu cha pachaka: masiku 15 kwa ogwira masiku asanu pa sabata, 18 kwa ogwira asanu ndi limodzi. Akatha amenewo, mutha kupempha tchuthi chosalipidwa, koma kuvomera kuli kwa abwana.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi powerengera masiku. Tiyerekeze opaleshoni ili Lachiwiri. Kawirikawiri wodwala amagonekedwa Lolemba kuti amuyeze magazi ndi BP, choncho inu mukwera basi Lamulungu. Funsani adokotala kuti mayi adzakhala m'wodi masiku angati. Akati asanu, ndiye kuti atuluka cha Loweruka kapena Lamulungu. Munthu wa bala latsopano simungangomutsitsa m'minibasi, mawa lake inu n'kulawirira ku ofesi. Pemphani kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu la sabata yotsatira, masiku 8 a ntchito. Pa 15 aja mwatsala ndi 7, ndipo musawamwaze, chifukwa kuli ulendo wina wokaonetsa bala.

Komanso tsiku la opaleshoni limatha kusuntha. Kukabwera wodwala wangozi amayamba iyeyo, ndipo magazi a mayi akapezeka ochepa kapena BP itakwera, madokotala amadikira. N'chifukwa chake m'kalata yanu muikemo mawu akuti, "Tsiku likasintha ndidzakudziwitsani tsiku lomwelo, ndipo ndikupempha kuti masiku anga adzasunthe nawo." Chiganizo chimenechi chidzakupulumutsani mukadzakhala muli pa khonde la wodi, foni ili m'manja.

Kalatayo ilembeni sabata ino. Mutchule tsiku lochoka, tsiku lobwerera ndi mnzanu amene adzagwirizire ntchito yanu. Muphatikize fotokope ya pepala losonyeza tsiku la opaleshoni. Buku lonse lakuchipatala musapereke, matenda a mayi ndi chinsinsi chawo. Yankho libwere lolembedwa, ngakhale pa WhatsApp. "Pitani, palibe vuto" wapakamwa amaiwalika, ndipo kujomba popanda chilolezo ndi chifukwa chimene lamulo lomwelo limatchula pochotsa munthu ntchito.

Gwirizananinso ndi mchemwali wanu kapena azakhali kuti adzakulandireni masiku akapitirira. Akhale wamkazi, poti m'wodi ya amayi abambo sagonamo, ndipo adziwiretu tsiku lake kuti asunge ya thiransipoti.