Ntchito ya dzira mu keke

"Keke yanga yopanda mazira ikunyenyeka ndipo sikufufuma. Kodi dzira limachita chiyani kwenikweni?"

Mayi, dzira likatenthedwa limalimba, ndipo polimbapo limagwirizanitsa ufa, shuga ndi mafuta kuti keke isanyenyeke poidula. Kufufumako kumadalira mpweya umene mumaulowetsa pomenya mazira ndi shuga mpaka atayera ndi kuchita thovu, chifukwa mpweyawo umakula mu uvuni. Mukathira ufa n'kutakasa mwamphamvu, thovulo limaphwa, keke n'kukhala yolemera. Magawo atatu mwa anayi a dzira ndi madzi, choncho mukalichotsa, onjezerani mkaka masupuni aakulu atatu pa dzira lililonse, ngakhale mkakawo sungamange keke ngati dzira.