Kodi "D'oh!" anayamba kunena ndani?

"Ndinakangana ndi mlamu wanga. Iye akuti mawu akuti D'oh! mu The Simpsons anayamba ndi Bart, ine ndikuti ndi Homer. Ndingatsimikize bwanji?"

Imelo yanuyi yandigwira mtima, chifukwa mkangano womwewu unandidyera masiku ine ndi mchimwene wanga. Ndinkakhala mpaka usiku, mahedifoni m'makutu, kope pamwendo, kuonera gawo loyamba lomwe linaonetsedwa pa 17 Disembala 1989. Ndikamva Homer, bambo wa m'banja la m'katuniyi, wabuula ndinkaimitsa kanema, kubweza pang'ono, n'kulemba mphindi yake. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndikapeza mawuwo m'gawo loyamba, nkhani yatha.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ambiri amagwera pomwepa. Banja la a Simpson silinayambe mu 1989. Linayamba kuoneka mu 1987, m'timakatuni tatifupitifupi tomwe tinkaikidwa mkati mwa pulogalamu ya The Tracey Ullman Show, ndipo Homer anali atayamba kale kunena mawuwo m'timakatuni timeneti. Ine ndinkafufuza pakati pa nkhani ndikumayesa ndili kuchiyambi.

Kenako ndinatembenukira ku zolemba za seweroli, n'kumasaka D'oh pakompyuta. Sindinapindule kanthu. Olemba ake salemba mawuwo ayi, amangolemba kuti `annoyed grunt`, kutanthauza kubuula kwa munthu amene wakhumudwa. Dan Castellaneta, yemwe amalankhula m'malo mwa Homer, ndi amene anasankha kamvekedwe kake. Anakatengera kwa James Finlayson, wa m'mafilimu akale a Laurel ndi Hardy, yemwe ankawakoka mawuwo motalika. Matt Groening, yemwe anayambitsa The Simpsons, anauza Castellaneta kuti awafupikitse kuti agwirizane ndi liwiro la katuni.

Ndiye zimandipweteka ndikaona anthu akudalira timavidiyo todulidwadulidwa tomwe amati "nthawi yoyamba". Wodulayo nthawi zambiri amangotenga pomwe iye anawamva koyamba. Ndimakanitsitsa: kukumbukira kwa munthu si umboni. Mlamu wanuyo sakunama dala. Bart, mwana wa Homer, ali ndi mawu akeake otchuka, ndipo anthu ena m'seweroli amamutsanzira Homer, choncho m'mutu zimasakanikirana. Ndiponso pofika 2001 mawuwa anali atalowa mu Oxford English Dictionary, aliyense akungowanena ngati alibe mwini.

Chochita

Mwapambana ndinu, ndi Homer. Koma mukafuna kumutsimikizira mlamuyo, musayambire pa gawo loyamba. Sakani timakatuni ta pakati pa 1987 ndi 1989, mutiyale motsatira masiku omwe tinaonetsedwa, ndipo mumvetsere ndi khutu lanu m'malo modalira mawu olembedwa pansi pa kanema. Akakufunsani kuti nanga Finlayson bwanji, muwayankhe kuti amene uja sanali m'seweroli.