Makapisozi 18 otsala m'kajumbo

"Achimwene, kuchipatala anandipatsa amokisilini chifukwa cha chifuwa ndi kutentha thupi, awiri katatu pa tsiku kwa masiku 5. Tsiku lachiwiri ndinaiwala kumwa masana. Lachitatu ndinamwa m'mawa mokha, n'kusiya poti ndinali nditapeza bwino. Papita masiku awiri tsopano. Otsalawa ndiyambirenso, ndisunge, kapena nditaye?"

Achemwali, kalata yanuyi ndinaiwerenga ndikusisita chipsera cha pa msongolo wanga wakumanzere. Ndiyambe ndi kudziulula, chifukwa ine amene ndimakhala pawindo la mankhwala n'kumauza anthu tsiku ndi tsiku kuti "mukamalize onse", ndinachitapo zomwezi.

Chinali chisonga cha mtengo kumunda, nyengo yopalira. Kabala kake kanali kosaoneka n'komwe. Patapita masiku atatu mwendo unatupa, khungu linanyezimira, ukaligwira ngati wagwira mbaula. Mnzanga amene anandiona anatenga bolopeni n'kujambula mzere kuzungulira potupapo, nati ndiziona ngati kutupako kukudutsa mzerewo kapena kukubwerera m'kati. Anandilembera kulokisasilini, awiri kanayi pa tsiku kwa masiku 7, makapisozi 56. Mankhwala amenewa ndi otopetsa. Amafuna m'mimba mopanda kanthu, ndiye umakhala ukuwerengera kuti nsima ndadya nthawi yanji, ndimwe liti. Pofika tsiku lachitatu kutupa kunali kutabwerera m'kati mwa mzere, nsapato inalowa, ndipo kumudzi kunali maliro a malume. Kajumbo kanatsala pa firiji. Ndinakakumbukira ndili m'minibasi, n'kudziuza kuti aaa, mwendo wapola kale.

Sabata isanathe ndinabwerera ndikutsimphina, kutupa kutadutsa mzere uja mpaka kufupi ndi bondo, mwanabere ali m'mphechepeche, thupi likunjenjemera. Ulendo uno makapisozi sanakwane. Ndinagonekedwa, mankhwala akulowera mu mtsempha, kenako anang'amba kuti mafinya atuluke. Namwino wina wachikulire, amene ankandidziwa bwino, sanandikalipire. Anangofunsa akumata bandeji kuti, "Kodi pawindo paja mumawauza chiyani anthu?"

Chimene chimatinamiza ndi ichi. Kutentha thupi, kutupa ndi ululu zimachokera ku nkhondo ya thupi ndi mabakiteriya. Mankhwala akapha ochuluka m'masiku awiri kapena atatu oyamba, nkhondoyo imazirala ndipo munthu umamva bwino, koma otsala amakhala alipobe. Mabakiteriya sachedwa kuswana: mmodzi amagawika kukhala awiri, ena pasanathe ndi ola lomwe. Ndiye onjezani panado amene ambirife timamwera limodzi. Panado amatsitsa kutentha kwa thupi popanda kupha kachilombo ngakhale kamodzi, moti nthawi zina "ndachira" uja amakhala panado akulankhula.

Ndipo nkhani ya katatu pa tsiku ija si mwambo chabe. Amokisilini sakhalitsa m'magazi, impso zimamutaya mumkodzo, moti pakatha pafupifupi ola limodzi theka amakhala atachoka kale. N'chifukwa chake amafuna kuwonjezeredwa maola 8 aliwonse. Dzuwa ndi mwezi zojambulidwa pa kajumbo kaja anthu amazimva ngati "pa tiyi, pa nkhomaliro, pa mgonero", onse atatu n'kuthinana pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, usiku wonse thupi lili lopanda mankhwala. Vuto limenelo ndi lathu ife a pawindo, timalankhula mothamanga poona mzere.

Koma chimene chimandipsetsa mtima kwenikweni ndi kachitini. Nyumba zambiri zili nako, pamwamba pa kabati kapena m'sutikesi: bakitirimu atatu, fulajilo asanu, makapisozi ofiira ndi achikasu amene mwini wake anaiwala kuti anali a chiyani. Mwana akayamba chimfine, amachotsa awiri. Mnansi akadandaula m'mimba, "imwani awa, ine anandithandiza". Chimfine chimabwera ndi mavairasi, ndipo amokisilini sachita nawo kanthu, koma mabakiteriya okhala m'matumbo ndi pakhungu amakhala akulawa mankhwalawo pang'onopang'ono. Ofooka amafa, osamva mankhwala amatsala n'kudzaza malo. Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini, anachenjeza za mlingo woperewera kalekale mu 1945. Ife tinaziona ndi maso ku Blantyre, kumene kuyambira cha m'ma 2011 taifodi inafala ya mtundu wosamva amokisilini, bakitirimu ndi kuloramufenikolo, atatu onse otchipa amene tinkadalira. Kwa ine, kusunga otsala n'koipa kuposa kusiya pakati. Wosiya pakati amadzipweteka yekha. Wosunga amagawira mudzi.

Ena mwa inu mwawerengapo kuti masiku ano madokotala akufupikitsa masiku omwera mankhwalawa, ndipo n'zoona. Matenda ena amene kale ankalembera masiku 10 pano amachira ndi 5. Koma wofupikitsa ndi amene wakupimani, osati inu mutakhala pakhonde. Pali matenda amene kudula masiku n'kusewera ndi moyo. Zilonda za pakhosi zobwera ndi mabakiteriya mwa ana zimafuna penisilini wa masiku 10, apo ayi zimatha kudzawononga mtima patsogolo. Chifuwa chachikulu ndi miyezi 6 yathunthu ngakhale munthu atanenepa m'mwezi wachiwiri.

Ndiye mutani?

Kuiwala kwanu kwa masana kuja kunali kochepa. Tinene kuti mumamwa 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 10 koloko usiku. Mukakumbukira 4 koloko, imwani pomwepo, usiku mupitirize monga mwa masiku onse. Mukakumbukira 9 koloko usiku, a masanawo asiyeni, mudikire a 10 koloko. Osamwa anayi nthawi imodzi pofuna kubweza ngongole, mungotsegula nawo m'mimba. Awiri odumphidwawo mudzamalizira nawo kumapeto.

Koma masiku awiri athunthu ndi nkhani ina. Mwamwa 12 mwa 30, ndipo 18 otsalawo ndi a masiku atatu okha, osakwanira ngati pakufunika kuyambiranso. Tengani kajumboko ndi kabuku ka kuchipatala, mubwerere lero kapena mawa, mukanene chilungamo kuti munamwa angati ndipo munasiya liti. Akakumverani m'chifuwa akhoza kunena kuti basi musapitirize, kapena kukuyambitsani mlingo wathunthu. Thupi likatenthanso, mukamapuma mobanika, pachifuwa pakamabaya, kapena makhololo akatuluka ndi magazi, musadikire kuti kuche. Chifuwacho chikapitirira sabata ziwiri, pemphani akuyezeni makhololo.

Kusiya kovomerezeka kulipo: zidzolo zoyabwa thupi lonse, milomo kapena nkhope kutupa, kubanika mutangomwa, zilonda m'kamwa ndi khungu kusupuka makamaka ndi bakitirimu, kapena kutsegula m'mimba kwa magazi. Pamenepo musamwenso, thamangani kuchipatala, ndipo dzina la mankhwalawo alilembe pachikuto cha kabuku kanu.

Akakuuzani kuti otsalawo safunikanso, asiyeni pawindo pomwepo. Anga aja ndinakawapeza adakali pa firiji nditatuluka m'chipatala, atatsala 32, mayi a kunyumba atawasunthira kale pafupi ndi kachitini.